Chiponde chathu chifike bwanji kwa wogula: holoselo, golosale kapena ejenti?

Mawu amene mneneri wa khonsolo anayankhula pa msonkhano wa anthu a m'wodi, wokambirana za magulu opanga katundu wogulitsa



Nkhani imene ndapemphedwa kuti ndikambe lero ikukhudza magulu amene anasiya kugulitsa mbewu zongochokera kumunda n'kuyamba kupanga katundu wa m'mabotolo ndi m'mapaketi. M'boma lathu lino la Mchinji, kumene mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimachita bwino, magulu oterewa alipo ndithu. Ambiri anaphunzira kupanga, ndipo akupanga zabwino. Pamene pamavuta ndi pamene katundu watuluka m'makina, waikidwa m'makatoni, ndipo funso latsala n'lakuti: kodi adutse m'manja mwa yani kuti akafike kwa wogula? Njira zake ndi zitatu. Pali opikulitsa, eni maholoselo kumene a magolosale amakaoda katundu. Pali eni magolosale ndi maokala, amene amagulitsa kwa munthu wokadya. Ndiye pali maejenti, anthu amene mumawatuma kukagulitsa katundu wanu n'kumawapatsa kangachepe pa botolo lililonse.

Chimene ndikufuna kuti mutenge n'chimodzi. Magulu ambiri amasankha njira poyang'ana amene akupereka mtengo wokwera pa botolo. Koma mtengo wa pa botolo umanamiza. Zoyenera kuwerengera ndi ziwiri: ndalama imene ikutsala m'thumba la gulu mutachotsa zonse zimene njirayo yadya, ndi masiku amene mudikire kuti ndalamayo ibwerere.

Kuti tisayankhule zam'mwamba, titenge chiponde. Tiyerekeze gulu la amayi ndi abambo pafupi ndi Kamwendo limene lili ndi kamakina kopera mtedza wa CG7, uja wamafuta ambiri, ndipo pamwezi limadzaza mabotolo 1,200 a magalamu 400. Amenewa ndi madazeni 100. Tinene kuti botolo limodzi likuwadyera K2,000 tikaphatikiza mtedza, botolo lenilenilo, lebulo, mchere, magetsi ndi malipiro a ogwira ntchito, ndipo pa shelefu ya golosale munthu akuligula K3,500. Manambalawa ndi ongoyerekezera, chifukwa mitengo masiku ano sikukhalitsa; inu mukaikemo anu. Chofunika n'chakuti pakati pa K2,000 ndi K3,500 pali K1,500, ndipo nkhani yonse ya lero ndi ya amene adye gawo liti la K1,500 imeneyo, ndiponso ntchito imene agwire kuti alidye.

Tiyambe ndi wopikulitsa. Iyeyu ndi amene amapereka mtengo wotsika kuposa onse. Gulu lathu likapita ku holoselo ya mu Lilongwe, mwina adzaliuza kuti K2,500 pa botolo, osapitirira. Mlembi wa gulu akamva zimenezi mtima umamuwawa, poti akudziwa kuti botolo lomwelo likagulidwa K3,500. Amabwera kudzauza anzake kuti amalondawo ndi akuba. Koma taonani zimene wopikulitsa akutenga pamutu pake. Akugula madazeni 100 nthawi imodzi. Akuwasunga m'nyumba yake imene amalipira lendi ndi mlonda. Iye ndi amene adikire a magolosale ochokera ku Mitundu, ku Nsundwe, ku Mponela ndi kwina kuti adzaode dazeni imodziimodzi. Botolo likatayika kapena likakhalitsa, watayikiridwa ndi iyeyo. Pa zonsezi iye aikapo mwina K300, n'kugulitsa kwa a magolosale pa K2,800. Phindu lake pa botolo ndi lochepa. Amadalira kuchuluka kwa katundu ndi kufulumira kwake.

Kwa gulu, masamu ake ndi afupi. K500 pa botolo, mabotolo 1,200, ndiye K600,000. Tichotsepo K60,000 ya ulendo umodzi wa galimoto pa msewu wa M12, ndipo yatsala K540,000. Ngati mwagwirizana zolipira pompopompo kapena sabata isanathe, ndalama yonse ya mwezi umenewo ili m'manja mwanu katundu wina asanayambe kupangidwa.

Komabe khomo la holoselo silitsegukira aliyense, ndipo apa ndi pamene magulu atsopano amakhumudwa. Wopikulitsa sagulitsa katundu monga mmene timaganizira. Amangosunga chimene a magolosale akubwera akufunsa kale. Palibe wa pa holoselo amene adzaime n'kumauza munthu kuti talawani chiponde ichi n'chokoma. Ngati dzina lanu silikudziwika, makatoni anu adzaikidwa kumbuyo, pansi pa matumba a mchere, ndipo mukadzabwera mwezi wotsatira adzakulozerani kuti katundu wanu uyo, sakuyenda. Chachiwiri, adzafuna kuona chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS pa lebulo, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito. Pa chiponde zimenezi si mwambo chabe. Mtedza wosauma bwino kapena wonyowetsedwa posenda umachita chuku, ndipo chukucho chimasiya poizoni wa aflatoksini amene satha ngakhale mukazinge chotani. Wamalonda wanzeru safuna kuti dzina lake likhale pa katundu amene angadzalandidwe. Chachitatu, adzafuna kuti mukalonjeza madazeni 100 pa 5 mwezi uliwonse, afikedi. Makina akawonongeka kapena magetsi akavuta miyezi iwiri yotsatizana, malo anu atenga wina.

Pali ngozi inanso imene imabwera zinthu zikamayenda bwino. Gulu limene likupereka katundu wake yense kwa wopikulitsa mmodzi lasanduka wantchito wake. Tsiku lina adzanena kuti kuyambira lero ndi K2,300, ndipo poti palibe golosale ngakhale imodzi imene ikukudziwani nkhope, mudzavomera. Simudziwanso kumene katundu wanu akupita, kaya akusungidwa pa dzuwa, kaya ogula akudandaula chiyani. N'chifukwa chake botolo lililonse liyenera kukhala ndi nambala ya mphika umene linachokera ndi nambala ya foni ya gulu, kuti vuto likapezeka ku Mponela lizitha kulondoledwa mpaka ku thumba la mtedza limene linayambitsa.

Tsopano tibwere kwa a magolosale ndi maokala, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa ndi njira imene imakopa magulu ambiri ndiponso imene yamiza mipamba yambiri mwakachetechete.

Mukamupititsira katundu pakhomo, mwini golosale akhoza kuvomera K2,900. Phindu la gulu lafika pa K900 pa botolo, ndipo pa mabotolo onse ndi K1,080,000, kuwirikiza kawiri zija za ku holoselo. Pa msonkhano wa gulu aliyense aombera m'manja. Koma golosale ya pa Kapiri kapena pa Mkanda siingatenge madazeni 100. Anthu a m'midzi mwathu muno ambiri amasinja okha chiponde mumtondo. Ogula cha m'botolo ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, ophunzira a m'sukulu zogonera konko ndi apaulendo. Choncho golosale yabwino itenga dazeni imodzi pa masabata awiri, kapena kuti madazeni awiri pamwezi. Kuti madazeni 100 athe, gulu likufunika magolosale 50. Magolosale 50 sali pamalo amodzi. Ali pa Boma, pa Kamwendo, pa Waliranji, pa Kapiri, pa Mkanda, ena mpaka ku Namitete, ndipo iliyonse iyenera kufikiridwa kawiri pamwezi, kukasiya katundu ndi kukatenga ndalama.

Tiwerengere pamodzi. Maulendo asanu ndi atatu a njinga yamoto ya kabaza, uliwonse K25,000 poti ndi wa tsiku lonse, adya K200,000. Munthu woyenda ndi katunduyo, amene akulemba m'buku ndi kulonjerera ngongole, tim'patse K100,000. Mabotolo ena adzabwezedwa: lina chivindikiro chamasuka pa mabampu ndipo mafuta anyowetsa lebulo, lina lakhala pa windo dzuwa likuliwomba, lina tsiku lake layandikira. Tikati asanu pa 100 aliwonse, ndi mabotolo 60, ndipo K174,000 yapita. Ndiye pamakhala mmodzi amene mukapita mupeza chitseko chili ndi loko, anzake n'kukuuzani kuti anapita ku Joni. Madazeni ake awiri ndi pafupifupi K70,000. Zonsezi pamodzi ndi K544,000. Tikachotsa pa K1,080,000 ija, yatsala K536,000. Gulu lazungulira boma lonse mwezi wathunthu kuti lipeze ndalama yocheperako pang'ono kuposa imene likanapeza ndi ulendo umodzi wa ku holoselo.

Ndipo sitinakambe za nthawi. Eni magolosale ambiri sagula katundu wosadziwika ndi ndalama pamanja. Mawu awo ndi akuti siyani, ndikagulitsa mudzatenge. N'zoseketsa kuti munthu amene wamata chikwangwani pa kauntala chakuti ngongole mawa ndi yemweyo amene akukupemphani katundu pa ngongole lero, koma tisamuweruze. Naye mpamba wake ndi wochepa, ndipo auika pa shuga ndi sopo zimene akudziwa kuti zituluka. Kwa gulu tanthauzo lake ndi lakuti K2,400,000 imene yapangira chiponde cha mwezi uno ili pa mashelefu a anthu ena, pamene chiponde cha mwezi wamawa chikufuna K2,400,000 ina. Ngati palibe, makina aima, kapena mupita kukakongola. Ngakhale titati chiwongoladzanja ndi K10 pa K100 iliyonse pamwezi, monga zimakhalira m'mabanki m'khonde ena, ndiye kuti K240,000 inanso yachoka pa phindu lija. Kumbukiraninso zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Amene anali ndi ndalama zawo m'manja mwa okongola anadzalandira manambala omwe aja, koma mabotolo opanda kanthu ndi malebulo zinali zitakwera kale. Ngongole siikwera mtengo pamodzi ndi katundu.

Sindikunena kuti a magolosale ndi njira yoipa. Chimene chawononga masamu aja si mtengo, koma mtunda ndi ngongole. Magolosale khumi oyandikana pa Kamwendo ndi pa Boma, amene wa m'gulu akhoza kuwazungulira pa njinga yakapalasa m'mawa umodzi, ndi chuma. Kumeneko mumaona nokha pamene botolo lanu laikidwa, mumamva zimene ogula akunena, ndipo dzina lanu limayamba kudziwika. Lamulo lake likhale lakuti dazeni yachiwiri siitsika yoyamba isanalipiridwe. Ndipo pali zizindikiro zimene woyenda ndi katundu ayenera kumayang'ana. Fumbi pa zivindikiro likutanthauza kuti palibe amene wagwira botolo sabata yonse. Mafuta akayandama chala chathunthu pamwamba, chiponde chakhalitsa, ndipo ngakhale chisanawonongeke wogula amachikayikira. Mwini sitolo akayamba kunena kuti ndalama watenga mayi a kunyumba, bwerani Lachisanu, kawiri konse, dziwani kuti chiponde chanu chinagulidwa kale ndipo ndalama yake yaodera shuga. Golosale yotereyi ichotsedwe pa mndandanda msanga, mwaulemu koma mosazengereza.

Masitolo akuluakulu a m'tawuni nawonso ndi ogulitsa kwa wodya, ndipo ambiri timalota kuona katundu wathu mmenemo. Ingodziwani kuti kumeneko adzafuna nambala ya msonkho ya ku MRA, akaunti ya ku banki, timizere tija timene makina amawerenga pa kauntala, ndipo kawirikawiri amalipira patapita mwezi kapena kuposerapo. Gulu limene mpamba wake ndi wa mwezi umodzi lidikire kaye.

Njira yachitatu ndi ya maejenti. Kusiyana kwake ndi njira zinazo kumvetsetseke bwino: wopikulitsa akagula, katundu ndi wake, ejenti akanyamula, katundu akadali wanu mpaka atagulitsidwa. Ejenti ndi miyendo ndi pakamwa pa gulu. Akhoza kukhala mnyamata amene amazungulira m'maofesi a pa Boma kumapeto kwa mwezi, mayi amene ali ndi benchi pa tsiku la msika, kapena wa m'gulu amene amakhala pafupi ndi sukulu ya sekondale. Amagulitsa pa K3,500, n'kutengapo K500 yake, ndipo gulu lilandira K3,000. Phindu ndi K1,000 pa botolo, loposa njira zonse.

Ubwino wake weniweni suli pa K1,000 imeneyo. Uli pakuti ejenti amachita chimene holoselo ndi golosale sizingachite: amatsegula botolo n'kumulawitsa munthu. Amafotokoza kuti mafuta oyandamawo si kuwonongeka, ndi a mtedza womwewo, ongofunika kutakasa. Madzulo amabwera ndi mawu akuti anthu akuti mchere wachuluka, kapena akufuna kabotolo kakang'ono kotsika mtengo. Kwa katundu amene wangoyamba kumene, mawu amenewa ndi amtengo wapatali kuposa oda yaikulu.

Malire ake ndi kuchuluka. Munthu mmodzi woyenda pansi, amene alinso ndi munda ndi banja, akagulitsa mabotolo 40 pamwezi wayesetsa. Maejenti khumi ndiye mabotolo 400, phindu K400,000. Tichotsepo K100,000 ya wowayang'anira, mayunitsi, ndalama yodulidwa potumiza pa foni ndi mabotolo olawitsa. Yatsala K300,000, imene ndi K750 pa botolo. N'zabwino ndithu, koma mabotolo 800 akadali m'nyumba yosungira, ndipo tsiku lothera ntchito likuyandikira. Mukati tiwonjezere maejenti afike makumi atatu, mwayamba ntchito ina imene simunaikonzekere, yoyang'anira anthu makumi atatu amene aliyense wanyamula ndalama za gulu m'thumba.

Pamenepa ndi pamene maubale amathera. Ejenti saba mwadala nthawi zambiri. Mwana wadwala usiku, ndalama ya mabotolo asanu ili pa tebulo, ndipo akuti ndibweza ndikagulitsa ena. Enawo wakongoza mphunzitsi amene akudikira malipiro. Pakutha pa mwezi ali ndi ngongole ya madazeni awiri, manyazi amugwira, ndipo wayamba kuzemba misonkhano. Poti ndi mwana wa mlongo wake wa tcheyamani, palibe amene akufuna kuyankhula. Chotchinga chake ndi malamulo oikiratu munthu asananyamule botolo loyamba. Ayambe ndi dazeni imodzi yokha. Ndalama azitumiza sabata iliyonse, tsiku lodziwika, pa Airtel Money kapena pa Mpamba ku nambala ya gulu, osati ya msungichuma, kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni. Katundu wina alandire molingana ndi amene walipira. Akakongoza munthu, ngongoleyo ndi yake, osati ya gulu. Zonsezi zilembedwe, asayinire, ndipo mfumu kapena wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi akhale mboni. Chizindikiro choyamba cha vuto n'chosavuta kuchiona: ejenti akamapempha katundu wambiri pamene ndalama zimene akutumiza zikuchepa, pitani mukawerenge mabotolo amene ali nawo m'nyumba tsiku lomwelo.

Mwina wina afunsa kuti nanga bwanji osagwiritsa ntchito njira zonse zitatu. N'zotheka, ndipo kwa gulu lathu loyerekezerali ndi chimene ndingalangize, koma motsatana, osati tsiku limodzi. Miyezi yoyamba, pamene dzina silikudziwika ndipo chiphaso cha MBS chili m'njira, gulu lisapange mabotolo 1,200 ayi. Lipange ochepa amene lingathe kuwayang'anira, likukonza kakomedwe ndi lebulo molingana ndi zimene maejenti akumva. Anthu akayamba kufunsa chipondecho m'magolosale, eni ake adzakuitanani okha, ndipo amene wakuitanani yekha savuta kulipira. Mukakhala ndi buku loonetsa kuti magolosale khumi akhala akuodanso mwezi ndi mwezi, limenelo ndi limene mupite nalo ku holoselo. Wopikulitsa sakhulupirira mawu okoma. Amakhulupirira oda yachiwiri ndi yachitatu.

Zikafika pamenepo, mwezi wa gulu ukhoza kuoneka chonchi. Mabotolo 400 apite ndi maejenti, asiye K300,000 monga tawerengera. Mabotolo 300 apite ku magolosale khumi apafupi. Pa K900 lililonse ndi K270,000, ndipo tikachotsa K60,000 ya mayendedwe ndi obwezedwa yatsala K210,000. Mabotolo 500 otsala apite ku holoselo. Pa K500 lililonse ndi K250,000, kuchotsa K60,000 ya galimoto, yatsala K190,000. Pamodzi ndi K700,000, kuposa njira iliyonse payokha. Komanso wopikulitsa yekha wabweza K1,250,000 sabata yoyamba, yoposa theka la mpamba wa mwezi wotsatira, kotero makina saima.

Kagawidwe kameneka sikakhala chimodzimodzi chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mtedza umakhala wambiri ndi wotsika mtengo, ndipo gulu limene lili ndi ndalama pamanja nthawi imeneyo ndi limene ligule mtedza wa chaka chonse. Imeneyo ndi miyezi yokankhira katundu wambiri ku holoselo, ngakhale pa phindu lochepa, chifukwa K400 imene mwataya pa botolo idzabwerera pa thumba la mtedza limene mukanaligula modula mu Januwale. M'dzinja, pamene misewu yafumbi yasanduka matope ndipo anthu a m'midzi ndalama zawo zathera ku feteleza, magolosale akutali asiyeni kaye, mulimbikire a m'mbali mwa msewu wa tala ndi maejenti amene amafikira anthu a pa malipiro.

Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Njira zitatu zikamayenda pamodzi zimatha kudyana zokhazokha, ndipo chimene chimayambitsa ndi mitengo. Mwaona kuti wopikulitsa akugulitsa pa K2,800 pamene inu mukupereka ku golosale pa K2,900. Kusiyana kwa K100 mwini golosale akhoza kukupirira, poti mwamubweretsera pakhomo. Koma tsiku lina mukapanikizika n'kupereka ku holoselo pa K2,200, iye adzagulitsa pa K2,500, ndipo wa golosale wa pa Waliranji akapita kukaoda ku Lilongwe adzapeza chiponde cha kwawo chotchipa kuposa chimene mumamubweretsera. Kuyambira tsiku limenelo sadzagulanso kwa inu, ndipo adzauza anzake kuti mumawadyera masuku pamutu. Simungamuletse wopikulitsa, chifukwa katundu akagula ndi wake. Chimene mungachite ndi kusatsitsa mtengo wa ku holoselo kufika poti uphwanye wa ku golosale.

Chimodzimodzi ndi pakhomo pa fakitale. Munthu akabwera kudzagula botolo limodzi n'kunena kuti poti ndabwera ndekha mundichotsereko, ndipo inu mwamupatsa pa K2,800, mwapha golosale imene ili kutsidya kwa msewu. Wodya agule pa K3,500 kulikonse, kaya kwa ejenti, kaya pakhomo panu. Wa golosale apeze mtengo wake akatenga dazeni. Wopikulitsa apeze wake akatenga madazeni makumi awiri kapena kuposerapo. Mtengo utsike chifukwa cha kuchuluka kwa katundu ndi kufulumira kwa malipiro, osati chifukwa cha nkhope kapena ubale, ndipo mitengo itatuyi imatidwe pa khoma kuti aliyense wa m'gulu ayankhe chimodzimodzi. Maejenti nawo apatsidwe madera awo. Ejenti woima pakhonde pa golosale imene ikugulitsa chiponde chanu akulanda makasitomala a mnzanu amene munamupempha nokha kuti akusungireni katundu. Mtumizeni ku maofesi, ku sukulu ndi ku misika ya pa sabata kumene kulibe shelefu yanu.

Amene mumapanga zinthu zina musinthe masamuwa molingana ndi katundu wanu. Sopo ndi uchi zimakhalitsa, choncho zikhoza kudikira m'holoselo popanda nkhawa. Mkaka wa soya, yogati ndi buledi sizingadikire. Zimenezo n'za golosale yapafupi ndi ejenti wa tsiku lomwelo, ndipo wopikulitsa alibe nazo ntchito. Ufa wa phala ndi wolemera poyerekeza ndi mtengo wake, kotero mtunda umaudya msanga kuposa chiponde. Mbaula zosunga nkhuni ndi nyale za dzuwa zimafuna munthu woonetsa kagwiritsidwe kake, ndipo n'chifukwa chake mumaziona zikuyenda ndi maejenti.

Pempho langa kwa alembi ndi asungichuma a magulu ndi ili. Musanapite ku msonkhano wotsatira wa gulu lanu, tengani buku la malonda la miyezi itatu yapitayi, mugawe tsamba patatu: holoselo, magolosale, maejenti. Pansi pa chilichonse mulembe mabotolo amene anatuluka, ndalama imene inalowadi m'thumba, zimene munawononga pa mayendedwe, mabotolo obwezedwa, ngongole zimene zikadali kunja, ndi masiku amene anadutsa kuchokera tsiku lopereka katundu kufika tsiku lolandira ndalama. Tsiku la wa m'gulu amene anayenda ndi katundu muliikire mtengo, ngakhale sanalipidwe, chifukwa tsiku limenelo akanakhala kumunda kwake. Gulu limene lilibe buku lotere liyambe Lolemba likubwerali, ndipo amene masamuwa awavuta abwere ndi buku lawolo ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo kuti akawerengere limodzi ndi alangizi.